Kompyuta ikadzipatsa yokha adiresi, musathamangire kugula bandulo

Awerengi, sabata ino tiyambe ndi nkhani ya banja lina la ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, lomwe lidatsala pang'ono kugona mofulatirana kaamba ka laputopu. Mayi wa m'nyumbamo akuchita maphunziro a uphunzitsi, ndipo Lamulungu lina amayenera kutumiza ntchito ya kusukulu isanakwane 6 koloko madzulo. Atayatsa laputopu, idalowa bwinobwino pa waifai ya m'nyumba, koma tsamba lililonse limakana kutseguka. Pakona padangolembedwa kuti `No Internet`.

Bambo adaganiza kuti bandulo yatha, nkugula ina. Sizidathandize. Mayi adatembenukira mwana wawo wa Sitandade 7 nkuti, "Iwe, wagwiranso chiyani apa?" Mwana misozi mbwembwembwe. Chodabwitsa nchakuti mafoni a bambo ndi mayi amagwira ntchito bwinobwino pa waifai yomweyo.

Mwana adalibe mlandu, bandulo nayo idalipo. Laputopu idali isadapatsidwe adiresi, choncho idadzipatsa yokha. Mukamva mmene zimenezi zimachitikira, tsiku lina mudzapulumutsa ndalama komanso mtendere wa m'nyumba.

Kulowa pa waifai ndi kupatsidwa adiresi nzinthu ziwiri zosiyana. Mukalemba pasiwedi yolondola, kuli ngati mlonda wakutsegulirani geti la pa poloti. Koma kuti makalata azikupezani, mufunika landilodi akupatseni nambala ya nyumba. Pa netiweki, landilodi ameneyu ndi pulogalamu yomwe pa makina mumaiona italembedwa kuti `DHCP`, ndipo m'nyumba zambiri imakhala m'kati mwa rauta momwemo, kabokosi kamagetsi kothwanima kaja.

Kompyuta ikangolowa, pamadutsa mauthenga anayi. Poyamba imakuwa kwa aliyense kuti, "Kodi alipo wondipatsa adiresi?" Rauta imayankha kuti, "Ndili ndi iyi." Kompyuta imati, "Ndipatseni yomweyo." Pomaliza rauta imavomera, nkuiuza nthawi yomwe ikhale nayo, komanso khomo lotulukira kupita pa intaneti. Zonsezi zimatha m'kamphindi, nchifukwa chake simuziona.

Dziwani kuti adiresiyi ndi ya lendi. Marauta ambiri a m'nyumba amabwereketsa kwa maola 24. Nthawi ikafika theka, kompyuta imapempha kuti ipitirize, ndipo ikakhala chete mpaka nthawi yonse kutha, adiresi imabwerera kwa mwini wake kuti apatse wina.

Nanga ikakuwa koma popanda woyankha? Imayesa kangapo, kenaka imadzisankhira adiresi yoyamba ndi 169.254, nkufunsa kaye ngati palibe wina akuigwiritsa ntchito. Iyi si vairasi, ndiponso si kuwonongeka kwa makina. Windows idayamba kuchita zimenezi kuchokera pa Windows 98, ndipo m'chaka cha 2005 njirayi idalembedwa kukhala ndondomeko yovomerezeka yomwe makina angatsate. Vuto lake nlakuti adiresi yodzipatsayi imathera m'nyumba momwemo. Ilibe khomo lotulukira, choncho ngakhale mutagula bandulo ya mwezi wathunthu, palibe chomwe chingatuluke.

Tsono mudziwa bwanji kuti vuto lanu ndi limeneli? Pa Windows, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani `cmd`, ndipo pawindo lakuda lomwe lituluke lembani izi:

```
ipconfig
```

Pa laputopu ya mayi uja, pansi pa mutu wa waifai, padatuluka chonchi:

```
Autoconfiguration IPv4 Address. . : 169.254.37.12
Subnet Mask . . . . . . . . . . . : 255.255.0.0
Default Gateway . . . . . . . . . :
```

Onani zizindikiro ziwiri. Adiresi yayamba ndi 169.254, ndipo mzere wa `Default Gateway`, lomwe ndi khomo lija, uli mbee. Kompyuta ikakhala bwino, m'nyumba zambiri mumaona adiresi yoyamba ndi 192.168, ndipo pakhomopo pamakhala adiresi ya rauta, monga 192.168.1.1. Amene muli ndi Mac simuvutika kwambiri, chifukwa m'makonzedwe a netiweki imakuuzani yokha kuti ili ndi `self-assigned IP address`.

Mukapeza zimenezi, funso latsala limodzi: nchifukwa chiyani kukuwa kuja sikudayankhidwe? Kuona maso a nkhono nkudekha. Yambani ndi chapafupi, kuiuza kompyuta kuti ipemphenso:

```
ipconfig /release
ipconfig /renew
```

Pa Mac pali batani lolembedwa `Renew DHCP Lease`. Kawirikawiri izi zimakwanira, makamaka magetsi akangoyaka kumene. Paja magetsi akabwera, kompyuta imatha kudzuka msanga rauta isadakonzeke, nkukuwa landilodi akadali mtulo. Windows imayesanso yokha pakapita mphindi pafupifupi zisanu, ndiye nthawi zina vutoli limatha mukadali kukangana.

Kwa mayi uja sizidathe. Laputopu idakhala chete kwa kanthawi, kenaka idalemba uthenga wokhala ndi mawu akuti `unable to contact your DHCP server`. Apa mpomwe mlamu wawo, yemwe amakonza makompyuta m'tauni, adawauza pafoni kuti asiye kaye laputopu, ayang'ane zipangizo zina za m'nyumbamo.

Nzeru yake ndi iyi. Ngati zipangizo zonse zalephera, vuto lili pa rauta: izimitseni, dikirani theka la mphindi, muiyatsenso. Ngati muli ndi mabokosi awiri, lina m'nyumba yaikulu lina kuseri, olumikizidwa ndi chingwe, yang'anani chingwecho. Bokosi lakuseri limatha kukulowetsani pa waifai bwinobwino pomwe chingwe chopita kwa wopereka adiresi chazuka kapena makoswe achiluma. Koma ngati zina zikugwira ntchito, chimodzi chokha nchomwe chikukanika, pali njira ziwiri: mwina vuto lili pa chipangizocho, kapena rauta yatha maadiresi.

Kusiyanitsa ziwirizi nkosavuta. Mlamuyo adauza bambo kuti atsegule hotisipoti pafoni yawo, laputopu ilowe pamenepo. Nthawi yomweyo idalandira adiresi, masamba nkuyamba kutseguka. Umenewu udali umboni wakuti laputopu ilibe vuto, ikudziwa kupempha ndi kulandira. Mayi adatumiza ntchito yawo pa hotisipoti yomweyo nthawi isadathe, mtima nkukhala m'malo. Ikadakanika pamenepanso, bwenzi akuyang'ana pa laputopu: kuiuza kuti iiwale netiwekiyo nkulowanso, kuizimitsa nkuiyatsa, kapena kuona ngati pulogalamu yoteteza ku mavairasi sikutsekereza mauthenga aja.

Chotsala chidali kufunsa rauta. Bambo adatenga foni yomwe imagwira ntchito ija, nkulemba 192.168.1.1 pa burauza. Adiresi ya rauta yanu ikhoza kukhala ina, monga 192.168.0.1 kapena 192.168.8.1, ndipo kawirikawiri imalembedwa pa kapepala kunsi kwa bokosilo, pamodzi ndi dzina ndi pasiwedi yolowera. Pa tsamba la `DHCP` adapeza kuti maadiresi obwereketsa amayambira pa 192.168.1.100 nkuthera pa 192.168.1.109. Ndiwo khumi basi. Mnyamata yemwe adawaikira rauta adachepetsa dala, poganiza kuti akutchinga anthu oba intaneti.

Atatsegula mndandanda wa zipangizo zomwe zatenga maadiresi, onse khumi adali ndi eni ake. Za m'nyumbamo zidali zinayi: mafoni awiri, tabuleti ya mwana ndi wailesi ya kanema. Zisanu ndi chimodzi sadazidziwe. Apa mpomwe adakumbukira kuti Loweruka kudali phwando la tsiku lobadwa la mwana, ndipo bambo eniakewo adagawa pasiwedi kwa alendo ndi anansi a pa poloti. Akulu adati mlendo ndi mame, koma rauta simadziwa kuti mlendo wapita. Imamusungirabe adiresi yake mpaka maola 24 akwane. Anansi nawo sadapite kulikonse, mafoni awo amapitiriza lendi ali m'nyumba zawo. Laputopu idakhala m'chikwama sabata yonse, lendi yake idatha kalekale, ndipo pobwera idapeza nyumba zonse zadzaza.

Kukonza kudatenga mphindi khumi. Adasintha pasiwedi ya waifai, zomwe zidatulutsa aliyense. Adakweza malire a maadiresi kufika pa 192.168.1.149, kuti akhale 50. Adazimitsa rauta nkuiyatsanso, adalowetsa zipangizo zawo ndi pasiwedi yatsopano, ndipo `ipconfig` idaonetsa 192.168.1.104, khomo lake 192.168.1.1.

Phunziro lina lili pompa. Kuchepetsa maadiresi si loko. Amene wafika msanga ndiye amatenga, kaya ndi mnansi kaya ndi mwini nyumba. Loko weniweni ndi pasiwedi. Ngati rauta yanu ili ndi netiweki ya alendo, gwiritsani ntchito imeneyo pa maphwando, muzimitse alendo akapita. Kumbukiraninso kuti mafoni a masiku ano amatha kusintha nambala yomwe amadzidziwitsira kwa rauta, choncho foni imodzi nthawi zina imaoneka ngati ziwiri pamndandanda.

Wina akhoza kukulangizani kuti mungolemba nokha adiresi pa kompyuta, osadikira rauta. Zimatheka, koma samalani. Mukasankha nambala yomwe rauta yapatsa kale chipangizo china, ziwirizo zimalimbana ndipo intaneti imaduladula. Komanso mawa laputopuyo ikapita kusukulu kapena kuntchito, komwe manambala ndi ena, idzakana kulowa, inu mutaiwala kuti mudasintha chinachake. Ngati mwachita zimenezi poyesa chabe, bwezerani pa `Obtain an IP address automatically` mukatha.

Dziwaninso pomwe nkhaniyi ikuthera. Ngati `ipconfig` yaonetsa adiresi yoyamba ndi 192.168 ndipo khomo lilipo, koma masamba sakutseguka, ndiye kuti rauta yachita mbali yake. Apo tsopano mukhoza kuyang'ana bandulo, kapena kuimbira kampani yomwe imakupatsani intaneti. Koma mukaona 169.254, vuto lili pakati pa kompyuta ndi rauta, m'nyumba mwanu momwemo, ndipo ndalama sizingalithetse. Ikakhala netiweki ya kuofesi kapena kusukulu, musagwire bokosi la eni ake. Auzeni oyang'anira kuti mwalandira 169.254, adziwa msanga poyambira.

Makolo anzanga, ana amalakwa, koma si chilichonse chomwe chavuta pa kompyuta nchochita iwo. Musanakalipe, lembani kaye `ipconfig`, muone manambala oyambawo. Ku Chilobwe kuja, bambo adapepesa mwana madzulo omwewo, ndipo pasiwedi yatsopano adailemba pa kapepala nkuika m'kabati. Tikumanenso sabata ya mawa.