Kalata yothokoza wodzipereka wotsogolera masewera a ana

Kalata yothokoza munthu amene wakhala akutsogolera masewera a kumapeto kwa sabata panyumba yosungirako ana imalembedwa ndi mkulu wa nyumbayo, papepala lokhala ndi dzina ndi keyala ya malowo. Pamwamba pamalembedwa tsiku, ndipo pamapeto mkuluyo amasaina n'kudinda chidindo. Chidindocho n'chofunika chifukwa ambiri mwa odzipereka ndi achinyamata amene akufunafuna ntchito kapena malo a maphunziro. Poti salipidwa, kalatayi ndiyo umboni umene angaonetse kwa owalemba ntchito.

Ana angathe kumamuitana munthuyo kuti ankolo kapena anti, koma kalata imayamba ndi "Okondedwa Bambo" kapena "Okondedwa Mayi", kenaka mfunda wawo, ndipo imapitirira ndi "inu" waulemu ngakhale wolandirayo ali wamng'ono kwa wolemba.

Makalata ambiri amalephera pa thunthu lake. Wolemba amadzaza tsamba ndi mawu monga "tikuthokoza chifukwa cha mtima wanu wabwino", osatchula ntchito imene inagwiridwa. Kalata yotere siivuta kuizindikira: dzina likasinthidwa, ingathe kutumizidwa kwa munthu amene anapereka matumba a chimanga popanda kukonzanso china.

Tiyerekeze mnyamata amene ankabwera Loweruka lililonse masana kuyambira Januwale mpaka Novembala. Kalata yabwino itchula miyezi imeneyo ndi chiwerengero cha ana amene ankawayang'anira. Ifotokoza kuti ankawagawa potengera misinkhu, aang'ono kusewera phada ndi jingo pamene okulirapo akumenya fulaye, komanso kuti mpira utaphulika anakhala nawo pansi n'kumanga chikulunga cha majumbo ndi zingwe. Inenanso kuti mvula ikagwa ankawalowetsa pakhonde n'kuwaphunzitsa bawo. Chachikulu koposa ndi chakuti sankajomba, pakuti ana ambiri a m'nyumba zotere anazolowera akuluakulu obwera kamodzi, kujambulitsa zithunzi, osaonekanso.

Kusintha kumene kwaoneka mwa ana kungatchulidwe, koma mosamala. Nkokwanira kulemba kuti mtsikana wina amene ankakhala payekha tsopano amasankha anzake a timu. Dzina lake, matenda ake ndi mbiri ya kwawo siziyenera kulembedwa, ndipo zithunzi za ana siziphatikizidwa popanda chilolezo, chifukwa kalata ikachoka panyumbapo imawerengedwa ndi anthu ambiri. Anawo akafuna kuthokoza okha, angajambule kapena kulemba papepala lina, mayi wowasamalira n'kuliona lisanaperekedwe.

Tsamba limodzi ndi lokwanira. Kalatayo imaperekedwa bwino Loweruka lomaliza, ana ali pomwepo, kuti atsanzikane naye m'malo mongoona kuti wasiya kubwera. Kope lake limasungidwa m'fayilo ya ofesi, chifukwa olemba ntchito nthawi zina amaimba foni kufuna kutsimikizira zimene zalembedwamo.