Chithunzi cha positi chikamalowa m'Chiarabu: zomasulira ndi zosiya momwe zilili

Pa 10 Disembala 2022, Morocco idagonjetsa Portugal ndi chigoli chimodzi kwa duu pa mpikisano wa dziko lonse ku Qatar, ndipo idakhala timu yoyamba ya mu Africa kufika m'ndime yachibwereza. Chigolicho adamwetsa ndi mutu Youssef En-Nesyri, ndipo Cristiano Ronaldo adatuluka m'bwalo akulira. Tiyerekeze kuti usiku umenewo Mmalawi wina wokonda mpira adalemba izi pa Twitter, tsamba lomwe lero likutchedwa X:

```
Africa yonse yapambana! Morocco 1-0 Portugal kkkkk Ronaldo walira 😭🇲🇦
@FIFAWorldCup #WorldCup #DimaMaghrib
```

Wina wajambula positiyo pafoni, chomwe ambiri amati sikirinishoti, ndipo wakupatsani kuti muimasulire m'Chiarabu. Mawu ake ndi ochepa moti mwana wa sukulu atha kuwawerenga pa zala. Koma zokola zambiri zili pa tizinthu tomwe si mawu.

Choyamba n'kufunsa kuti kumasulirako n'kwa ntchito yanji. Ngati chithunzicho chikupita ku khoti, ku ofesi ya kazembe kapena kwa mtolankhani monga umboni, sichikhudzidwa. Chimakhala momwe chilili, ndipo Chiarabucho chimalembedwa pambali kapena pansi pake. Mukafufuta mawu a m'chithunzi n'kumatamo Chiarabu, mwapanga positi yomwe mwini wake sadalembe, ndipo woiona angaganize kuti munthuyo amalemba Chiarabu. Ngati cholinga n'choti uthengawo uikidwenso pa intaneti kuti Aarabu auwerenge, pamenepo muli ndi ufulu wokulirapo.

Mawu enieniwo savuta kwenikweni:

```
فازت أفريقيا كلها! المغرب 1-0 البرتغال ههههه رونالدو بكى 😭🇲🇦
```

Kuseka kwathu kwa "kkkkk" kukasiyidwa choncho, Mwarabu angodabwa nako. Iwo amaseka pobwereza chilembo cha ه, ndiye kumakhala ههههه, ndipo kutalika kwake kumasonyeza kukula kwa phwete monga momwe zilili kwathu.

Chiarabu chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, koma manambala okhala ndi ziwerengero zingapo, monga 2022, amayenda kuchokera kumanzere ngati athu. Zilembo zachilatini nazonso zimasunga njira yake. Motero mzere umodzi umayenda mbali ziwiri, ndipo pulogalamu ya pakompyuta ndiyo imagamula pomwe chilichonse chikhale. Apa ndi pomwe zigoli zimasokonekera. Dzina la Morocco lili kumanja, choncho 1 ayenera kukhala kumanja, pafupi nalo, ndipo 0 akhale kumanzere pafupi ndi Portugal. Kwa ife ozolowera kuyambira kumanzere zioneka ngati 0-1, ndipo pali chiyeso chofuna "kukonza". Mukatero mwaipatsa Portugal chipambano. Popeza mapulogalamu saikanso manambalawa mofanana, njira yodalirika ndi kuyang'ana ndi maso kuti nambala iliyonse yagundana ndi timu yake. Pa positi yongoikanso mutha kulemba zigolizo m'mawu, بهدف دون رد, kutanthauza chigoli chimodzi chosabwezedwa.

Dzina loyamba ndi @ silimasuliridwa ngakhale pang'ono. Lili ngati nambala ya foni: mukasintha chilembo chimodzi mwaimbira munthu wina. Pa X dzina lotere limangolola zilembo zachilatini, manambala ndi kamzere kapansi, zosapitirira 15, ndiye @FIFAWorldCup yolembedwa m'zilembo zachiarabu siloza kulikonse. Dzina lina lija lomwe limaoneka pamwamba pake ndi zilembo zokhuthala ndilo mungalilembe m'Chiarabu kuti owerenga adziwe katchulidwe kake. Vuto la chithunzi n'lakuti mawu ake sakopeka, mumachita kutaipanso, ndipo pa zilembo za pafoni l wamng'ono, I wamkulu ndi 1 zimafanana, chimodzimodzi O ndi 0. Kulitsani chithunzicho, ndipo ngati akauntiyo ikadalipo, isakeni mutsimikize.

Mukalitaipa bwino, lingakuvutitsenibe. Zizindikiro za @ ndi # zilibe mbali yawoyawo, zimatsata zilembo zoyandikana nazo. Zikakhala pakati pa mawu achiarabu ndi achilatini, nthawi zambiri zimalumphira mbali inayo, n'kuoneka ngati FIFAWorldCup@. Mankhwala ake ndi chizindikiro chosaoneka cha Unicode, U+200E, chomwe mukachiika @ asanabwere chimauza pulogalamu kuti apa tikuyenda kuchokera kumanzere. Wopanda njira yochilowetsera angoika mainawo pa mzere wawokha n'kuuloza kumanzere.

Mahashitagi amafuna kuganiza kwambiri, chifukwa ali ndi ntchito ziwiri: ndi mawu okhala ndi tanthauzo, komanso ndi khomo lolowera ku mapositi ena onse okamba nkhani yomweyo. Pa ntchito ya umboni, #WorldCup imasiyidwa momwemo, tanthauzo lake n'kulembedwa pambali popanda chizindikiro cha #, kuopa kuti wina angayese kuti wolembayo adagwiritsa ntchito hashitagi yachiarabu. Pa positi yoikanso, musamasulire nokha liwu ndi liwu. Sakani hashitagi yomwe Aarabu akugwiritsa kale ntchito, yomwe pa nkhaniyi ndi #كأس_العالم. Onani kamzere kapansi pakati pa mawu awiriwo. Chingerezi chimalumikiza mawu n'kuwasiyanitsa ndi zilembo zazikulu, pomwe Chiarabu chilibe zilembo zazikulu ndipo zilembo zake zambiri zimagwirana, choncho mawu ophatikizidwa amasanduka chimawu chimodzi chovuta kuwerenga. Mukaika mpata m'malo mwa kamzereko, hashitagi ithera pa liwu loyamba.

Nayo #DimaMaghrib ndi Chiarabu kale, cha ku Morocco, chongolembedwa m'zilembo zachilatini, ndipo imatanthauza kuti Morocco nthawi zonse. Kuibwezera ku ديما مغرب n'kokwanira. Ndingawonjeze ndemanga yaifupi ngati owerenga ndi a ku Oman kapena Iraq, pakuti kalankhulidwe ka ku Morocco n'kosiyana kwambiri ndi kawo.

Maemoji amakopedwa monga alili, chiwerengero chake osachepetsa. Kamutu kolira kaja pano si chisoni, n'kunyogodola Ronaldo, ndipo wowerenga wachiarabu amva zimenezo pokhapokha kakhale pomwe padathera chiganizo cha kulira. M'Chiarabu pamenepo ndi kumanzere. Osamala nawo ndi maemoji oloza. Chala cha 👉 sichitembenuka chokha mzere ukatembenuka, motero ngati chinkaloza mawu otsatira, m'Chiarabu chiloza chammbuyo. Pa positi yoikanso sinthani chikhale 👈, koma pa umboni chisiyeni n'kufotokoza. Mbendera nazo zimavuta: pa makompyuta ambiri a Windows, m'malo mwa mbendera ya Morocco mumangooneka zilembo MA.

Tsiku lili pansi pa positi nalo ndi gawo la ntchito. Ku Egypt ndi m'maiko a ku Gulf Disembala ndi ديسمبر, pomwe ku Syria, Lebanon, Jordan ndi Iraq amati كانون الأول. A ku Morocco, Algeria ndi Tunisia amalemba manambala ngati athu, koma ku Egypt n'kofala kuona ٢٠٢٢. Ngati chithunzicho chikungosonyeza "2h", lembani kuti maola awiri chisadajambulidwe, musapeke tsiku.

Pomaliza yang'anani Chiarabucho pomwe chikaonekere, makamaka ngati mwachiika pa chithunzi. Mapulogalamu ena okonzera zithunzi amamwaza zilembo, chilichonse pachokha, n'kuziyika chobwerera. Ngakhale wosadziwa Chiarabu atha kugwira vutoli: المغرب liyenera kuyamba kumanja ndi kamzere koimirira, ndipo zilembo zake zapakati zikhale zogwirana.