Nsapato imodzi, mitu 18: kulemba katundu pa intaneti osadzaza tsamba

Tiyerekeze wogulitsa amene ali ndi nsapato zachikopa za abambo, zosokedwa mofanana, koma zilipo zakuda, zofiirira ndi zoyera, kuyambira sayizi 39 mpaka 44. Mitundu 3 kuchulukitsa ndi masayizi 6, ndiye kuti pa shelefu pali zinthu 18 zofunika kuziwerenga padera. Akamaziika m'sitolo yake ya pa intaneti, ambiri amatsegulira chilichonse tsamba lake, mutu n'kungoukopera. Wogula akalemba mawu oti "nsapato zachikopa", pafoni pake pamadzaza chithunzi chimodzimodzi ka 18, ndipo masandasi ndi majombo omwe akanamukopa amakankhidwira pansi pomwe chala sichifika.

Nsapato zimenezi ndi banja limodzi, ndipo makina ofufuzira ayenera kuuzidwa zimenezo. Mutu waukulu, wa banja lonse, umanena zokhazo zomwe sizisintha: wopanga, chinthucho, eni ake ovala, ndi chomwe anapangira. Sayizi ndi mtundu sizilowamo. Kenako chinthu chilichonse m'banjamo chimatenga mutu womwewo n'kuwonjezera kumapeto zomwe zikuchisiyanitsa ndi zinzake, m'ndondomeko yosasintha. Ngati mwayamba ndi mtundu kenako sayizi, muchite choncho pa zonse 18. Mawu nawonso asasinthesinthe: "zofiirira" apa, "zakhofi" apo, makina adzaziwerenga ngati mitundu iwiri, ndipo wosefa katundu potengera mtundu adzaona theka lokha.

Komabe mutu paokha sumanga banja. Pa Google Merchant Center, komanso m'ndandanda wa katundu wa Facebook ndi Instagram, pali malo otchedwa `item_group_id`. Chinthu chilichonse chimakhala ndi `id` yakeyake, koma zonse za m'banja limodzi zimalembedwa nambala imodzi pamalo amenewa:

```
id: NS20-KUDA-42
item_group_id: NS20
title: Nsapato zachikopa za abambo, zakuda, 42
color: zakuda
size: 42
```

Onani kuti mtundu ndi sayizi zalembedwanso m'malo awoawo, osati m'mutu mokha, chifukwa zosefera zimawerenga m'menemo. Google imalola mutu wa zilembo zofika 150, koma pafoni umadulidwa msanga, kawirikawiri usanapitirire 70. Mukayamba ndi mawu otsatsa malonda, onena za kutchipa ndi kukongola, chimene chidulidwe ndi "zakuda, 42", ndipo mitu yonse ibwerera kukhala yofanana.

Nkhani yovuta ndi yakuti, kodi ndi ziti zoyenera kuoneka pazokha wogula akamafufuza? Kwa ine, sayizi siyenera konse. Nsapato ya 41 ndi ya 42 pachithunzi n'zosasiyana. Munthu amasankha sayizi atakonda kale nsapatoyo, ali pa tsamba lake. Mtundu ndi wina. Anthu amaulemba ndithu pofufuza, monga wofuna nsapato zoyera za ukwati, ndiponso umaoneka ndi maso. Choncho mwa zinthu 18 zija, zoonekera zisapitirire 3, chilichonse ndi chithunzi chakechake. Kulemba "zoyera" pansi pa chithunzi cha nsapato zakuda kumabweretsa katundu wobwezedwa, ndipo Google ikhoza kuchikana chinthucho. Koma ngati mitundu ili 12, monga zimakhalira ndi masokosi kapena zikho za foni, ndi bwino kuonetsa chithunzi chimodzi ndi timadontho ta mitundu pansi pake.

Pali kubwereza kwina kosaoneka m'sitolo momwemo. Pa Shopify, wogula akadina sayizi, adiresi ya tsamba imalandira kamchira koyamba ndi `?variant=`, ndiye kwa Google angaoneke ngati masamba 18 olembedwa zofanana. Chizindikiro cha `rel="canonical"` ndicho chimaloza kuti tsamba lenileni ndi liti. Shopify imachiika yokha, koma amene anachita kumangitsa sitolo yake afunse womanga wake. Zikalakwika, Google Search Console imaika masambawo pansi pa mawu akuti `Duplicate without user-selected canonical`, ndipo Google imadzisankhira loti ionetse, mwina la sayizi yomwe inatha kalekale.

Ena akamva izi amapyola muyezo, n'kuika m'banja limodzi chilichonse chotchedwa nsapato. Ngati ina ili ndi zingwe pomwe inzake n'njongolowetsa phazi, kapena ina ndi yachikopa chenicheni pomwe ina ndi yapulasitiki yamtengo wotsika, zimenezo ndi zinthu ziwiri, ndipo kuziphatikiza kumabisa imodzi kwa amene akuifuna. Poyesa, tengani foni, lembani mawu amene wogula angalembe, muwerenge zinthu zosiyana zomwe zaoneka musanatsitse tsamba. Mitu iwiri ikangosiyana nambala yakumapeto, bwererani ku `item_group_id`.