Sivi yokongola m'maso, yosokonekera mu kompyuta

Aliyense amene anafunsirapo ntchito pa intaneti ku kampani yaikulu kapena ku bungwe la kunja akudziwa mmene zimayendera. Umatumiza sivi yako, kenako pakompyuta pamabwera fomu yomwe yadzilemba yokha potengera zomwe zili mu siviyo. Nthawi zina umapeza kuti malo a nambala ya foni alibe kanthu, dzina la sukulu lalowa pomwe pamayenera kukhala dzina la kampani, ndipo zaka zomwe unagwira ntchito zasinthana. Nthawi zambiri vutoli silichokera pa zomwe unalemba ayi, koma pa mmene unaziyalira patsamba.

Makampani ambiri akuluakulu amalandira makalata ofunsira ntchito kudzera mu pulogalamu yodziwika ndi zilembo za ATS. Ena mwa mapulogalamu otchuka a mtunduwu ndi Workday, Taleo, Greenhouse ndi iCIMS. Sivi ikafika, pulogalamuyi imayamba yasolola mawu onse mu failo n'kuwandanda mumzere umodzi wautali, kuchokera pa liwu loyamba mpaka lotsiriza. Ikatero imayesa kuzindikira kuti apa ndi dzina, apa ndi udindo, apa ndi chaka, n'kuika chilichonse m'malo mwake. Munthu amawerenga ndi maso, ndipo amaona kuti mawu awa ali kumanzere, awa ali kumanja. Pulogalamu imadalira kwambiri ndondomeko yomwe mawuwo atulukira. Ndondomekoyo ikasokonekera pa gawo loyamba, gawo lachiwiri limangolandira zosokonekerazo.

Tiyerekeze kuti mayi wina wodziwa zowerengera ndalama walemba ntchito zake mu tebulo la bokosi ziwiri. M'bokosi la kumanzere waikamo zaka zonse, chimodzi pansi pa chinzake, ndipo m'bokosi la kumanja waikamo maudindo, akudina Enter kangapo kuti udindo uliwonse ukhale moyang'anizana ndi zaka zake. Papepala zikuoneka bwino kwambiri. Koma mu failo ya Word, tebulo limasungidwa bokosi ndi bokosi, kotero pulogalamu imamaliza bokosi loyamba lonse isanalowe lachiwiri. Zomwe imapeza ndi izi:

```
2021 - 2024
2018 - 2021
2016 - 2018
Accountant
Accounts Assistant
Cashier
```

Ubale wa chaka ndi udindo watha pamenepa. Pulogalamu ikhoza kupereka 2016 mpaka 2018 kwa udindo wa Accountant chifukwa ndi womwe uli pafupi, n'kusiya maudindo enawo opanda zaka. Mayi amene wagwira ntchito zaka 8 angathe kuoneka ngati wagwira zaka 2 zokha. Ngati akufuna ndithu tebulo, ndi bwino kuti ntchito iliyonse ikhale ndi mzere wakewake wa tebulo, chifukwa apo chaka ndi udindo zimatuluka motsatizana. Chabwino koposa n'kusiya tebulo n'kulemba udindo, kampani ndi zaka pamzere umodzi kapena pamizere yotsatizana.

Vuto la madanga awiri limaonekera kwambiri mu PDF. Failo ya PDF inapangidwa kuti tsamba lizioneka chimodzimodzi paliponse, kotero chomwe imasunga kwenikweni ndi malo amene zilembo ziyenera kukhala patsamba. Kawirikawiri simukhala chizindikiro chonena kuti danga ili lathera apa ndipo lina likuyambira apo. Pulogalamu imachita kuganizira yokha. Ngati mayi wathu uja anaika maluso ake m'danga laling'ono la kumanzere ndi ntchito zake m'danga lalikulu la kumanja, pulogalamu yowerenga modutsa tsamba lonse ilumikiza mizere ya mbali ziwirizo:

```
Sage Accountant 2021 - 2024
Excel Prepared monthly reports
```

Tsopano udindo wake wasanduka Sage Accountant, ndipo maluso ake amwazikana pakati pa ziganizo za ntchito. Mapulogalamu ena atsopano amatha kuzindikira madanga, koma wofunsira ntchito alibe njira yodziwira kuti sivi yake ikagwera mu iti. N'chifukwa chake danga limodzi lotsika kuchokera pamwamba mpaka pansi ndi lodalirika.

Chopweteka kwambiri ndi kachigawo ka pamwamba pa tsamba komwe mu Word kamatchedwa Header, pamodzi ndi kanzake ka pansi, Footer. Anthu ambiri amaikamo dzina, foni ndi imelo kuti zizioneka patsamba lililonse. Koma failo ya .docx ndi mtolo wa mafailo angapo omangidwa pamodzi. Mawu a m'kati mwa sivi amakhala mu document.xml, pamene a pamwamba paja amakhala padera m'mafailo monga header1.xml. Pulogalamu yomwe imangotsegula failo yoyambayo imapeza maphunziro ndi ntchito zonse, koma osapeza mwini wake kapena nambala yomuimbira. Mawu oikidwa mu Text Box nawonso amatha kudumphidwa kapena kutulukira pamalo ena. Dzina, foni ndi imelo zilembedwe ngati mizere yoyambirira ya m'kati mwa tsamba.

Tinene chilungamo pa mfundo imodzi yomwe imaopsa anthu. Kawirikawiri pulogalamu sitaya sivi chifukwa choti ili ndi tebulo, ndipo failo yomwe munatumiza imasungidwabe kuti wolemba ntchito aitsegule akafuna. Ngozi yake ndi yakuti ofunsira akachuluka, wolemba ntchitoyo amafufuza ndi mawu kapena kusefa potengera zaka ndi maudindo. Ngati zanu zinalowa molakwika, dzina lanu silituluka pa mndandanda womwe iye akuona, ndipo failo yanu yokongolayo ikhoza kukhala yosatsegulidwa.

Mungathe kuyesa sivi yanu musanaitumize. Tsegulani failoyo, dinani Ctrl+A kenako Ctrl+C, tsegulani Notepad n'kudina Ctrl+V. Notepad imachotsa zokongoletsa zonse n'kusiya mawu okha. Werengani kuchokera pamwamba. Kodi dzina ndi foni zilipo? Kodi chaka chilichonse chili pafupi ndi udindo wake? Kodi pali mizere yomwe yalowererana? Kuyesaku sikufanana ndendende ndi mmene ATS iliyonse imawerengera, koma kumaulula mavuto ambiri. Ngati mwatsegula PDF ndipo palibe liwu ndi limodzi lomwe likukopeka, ndiye kuti failoyo ndi chithunzi chabe. Zimenezi zimachitika munthu akasindikiza sivi papepala n'kukaijambulitsa pa sikana, kapena akaijambula ndi foni. Pulogalamu yopanda luso lowerenga zilembo pachithunzi imaona tsamba lopanda kanthu. PDF yabwino ipangidwe kuchokera mu Word momwemo, podina Save As n'kusankha PDF.

Mitu ya zigawo nayonso ikhale yodziwika, monga Work Experience, Education ndi Skills, chifukwa ndi mawu amene pulogalamu imayang'ana kuti idziwe pomwe chigawo chayambira. Ndipo fomu yodzilemba yokha ija ikabwera, musafulumire kudina Submit. Fomuyo ikukuonetsani zenizeni zomwe pulogalamu yamva mu sivi yanu, choncho konzani bokosi lililonse lolakwika pamanja. Amene amakonda sivi ya madanga ndi mitundu asaitaye, aisunge kuti aziipereka pamanja kapena kupita nayo ku intavyu. Yotumiza kudzera pa fomu ya pa intaneti ikhale ya danga limodzi, yopanda tebulo, ndipo dzina ndi foni zikhale m'kati mwa tsamba.