Zina zakoma, zina zaipa: nanga mupereke nyenyezi zingati?

Munthu akagona pa hotela kapena kudya pa lesitilanti masiku ano, foni imamufunsa kuti apereke nyenyezi. Pa Google Maps mumasankha kuyambira imodzi mpaka zisanu, ndipo palibe theka. Pa Tripadvisor amagwiritsa ntchito timadontho tisanu, pomwe pa Booking.com malikisi amafika pa 10. Nyenyezi za alendozi n'zosiyana ndi zomwe akuluakulu oyendera mahotela amapereka poona kukula kwa zipinda ndi katundu amene alipo. Zanuzi zimangoyankha funso limodzi: kodi malowa anachita zomwe analonjeza pa mtengo umene analipiritsa?

Zonse zikayenda bwino, kapena zonse zikaipa, yankho silivuta. Vuto limabwera pamene chipinda chinali chaukhondo koma madzi otentha kunalibe, chambo chinali chokoma koma chinabwera njala itatha kale. Apa ambiri amangotsatira mtima. Amene wakangana ndi woperekera zakudya pochoka amaponya nyenyezi imodzi, kuiwala tulo tabwino tomwe anagona. Wina amapereka zisanu chifukwa chomvera chisoni mtsikana wa pa kauntala amene anamulandira mwaulemu. Onsewa amasokoneza munthu amene adzawerenge mawa.

Choyamba ndi kupereka tanthauzo lokhazikika ku nambala iliyonse, ndi kulisunga kulikonse komwe mwapita. Zisanu zitanthauze kuti mungatumizeko apongozi anu osawachenjeza chilichonse. Zinayi: mungabwerereko mosangalala, ngakhale pali kanthu kamodzi kapena tiwiri tofunika kukonza. Zitatu: mungabwerereko pokhapokha kwina kutadzaza. Ziwiri: simungabwerereko, ngakhale panali china chabwino. Imodzi isungidwire malo amene anaika thanzi lanu kapena katundu wanu pa chiswe, kapena anakunamizani dala.

Chachiwiri ndi kudziwa chomwe munapitira. Pa malo ogona, ntchito yaikulu ndi tulo: bedi loyera, chitseko chokhomeka, madzi, bata usiku. Pa malo odyera, ntchito yaikulu ndi chakudya. Nambala yoyambira ichokere pamenepo, ndipo muiyeze ndi mtengo. Resitihausi yotchipa ya pafupi ndi depoti, ngati ili yaukhondo ndi yotetezeka, ikhoza kulandira zisanu popanda dziwe losambiramo, chifukwa sinalonjeze dziwe. Hotela yodula imene yalephera kupereka madzi otentha yaphonya lonjezo lake.

Chachitatu ndi kusiyanitsa zolakwa. Akuluakulu amati nsomba ikaola imodzi zonse zaola, koma pa nkhani iyi mwambiwu ugwire ntchito pa zolakwa zochepa chabe: nsikidzi pa matiresi, loko wothyoka, nyama yosapsa kapena yosasa, ndalama zowonjezeredwa pa bilu mwachinyengo. Chimodzi mwa izi chikapezeka, nambala isapitirire ziwiri, zina zonse zikome bwanji. Apa m'pamene kuphatikiza malikisi n'kugawa kumasocheretsa. Tinene kuti mwapereka 5 pa chipinda, 5 pa malo, 5 pa ulemu wa antchito, 4 pa chakudya, ndi 1 pa chitetezo chifukwa chitseko sichinkakhomeka. Zonse pamodzi ndi 20, kugawa ndi 5 mupeza 4. Koma mayi amene akuyenda yekha akaona nyenyezi zinayi n'kukagona m'chipinda chosakhomeka, ndiye kuti mwamunamiza.

Zolakwa zinazo n'zazing'ono: kuchedwa kwa chakudya, tawulo losowa, intaneti yodukaduka. Kwa izi, funso ndi lakuti: mutadandaula, anachitapo chiyani? Ngati anakonza msanga, musachotse nyenyezi. Ngati anangoti "tamva bwana" osabweranso, chotsani. Koma zazing'ono zonse pamodzi zisachotse kuposa nyenyezi imodzi, chifukwa mukamachotsa imodzi pa chilichonse, malo abwino mudzawagwetsa mpaka pansi chifukwa cha sopo ndi rimoti.

Tiyeni tiyese njirayi. Yerekezani kuti banja lagona masiku awiri pa malo ena ogona alendo m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, a mtengo wapakatikati. Chipinda chinali chosesedwa bwino, neti yopanda zibowo, bedi lofewa, ndipo usiku kunali zii. Usiku woyamba magetsi anazima, jenereta n'kuyaka patapita mphindi khumi. M'mawa wachiwiri shawa inatulutsa madzi ozizira okhaokha. Atauza wa pa kauntala, mnyamata anabwera ndi ndowa ya madzi otentha pasanathe theka la ola. Madzulo anaitanitsa nsima ya chambo, inatenga ola ndi theka, anafunsa kawiri, palibe amene anapepesa, ngakhale nsombayo inali yootcha bwino. Pochoka anapeza kuti pa bilu pali botolo la chakumwa lomwe sanamwe, ndipo atalozera anawachotsera nthawi yomweyo.

Ntchito yaikulu, tulo, inachitika mokwanira, choncho tiyambire pa zisanu. Cholakwa chachikulu palibe. Botolo lija silikufika pa chinyengo, poti linali limodzi ndipo analichotsa osakangana. Zikanakhala kuti anakana, kapena panali zinthu zingapo zotero, nkhani ikanasintha. Kuzima kwa magetsi si mlandu wa eni malo. Chomwe tingawaweruze nacho ndi kukonzekera kwawo, ndipo jenereta inalipo. Madzi otentha anasowa koma anakonza. Chotsala ndi chakudya chochedwa chomwe sanachilabadire: apa nyenyezi imodzi ichoke. Yankho ndi zinayi. Kenako yerekezani ndi tanthauzo lija: kodi banjali lingabwerereko mosangalala, likudziwa kuti mgonero uyenera kuitanitsidwa dzuwa lisanalowe? Ngati inde, zinayi zakhoza.

Tsopano sinthani chinthu chimodzi chokha. Banja lina silinagone, linangopitako kukadya mgonero womwewo. Kwa iwo chakudya ndicho ntchito yaikulu. Nsomba yokoma yobwera patatha ola ndi theka si ntchito yokwanira, choncho ayambira pa zinayi, ndipo kusalabadira kwa antchito kuchotsa ina. Apereka zitatu. Malo ndi amodzi, usiku ndi umodzi, nambala n'zosiyana, koma onse atsatira lamulo limodzi.

Mukakhala pakati pa nambala ziwiri, poti theka palibe, dikirani tsiku limodzi mkwiyo kapena chisangalalo chizizire, kenako funsani ngati vutolo likuoneka la tsiku limenelo lokha kapena lachikhalire. Khitchini yothedwa nzeru ndi gulu la ukwati ndi ya tsiku limodzi, kwezani. Denga lodontha lokhala ndi nkhungu yakuda lakhala choncho miyezi, tsitsani.

Kumbukiraninso kulemera kwa dzanja lanu. Malo aang'ono amene ali ndi ndemanga 10 zokha, pa avereji ya 4.5, mukawapatsa nyenyezi imodzi amatsika kufika pafupifupi 4.2. Hotela yaikulu ya ndemanga 500 singamve n'komwe, imangofika pa 4.49. Ichi si chifukwa chonamizira malo aang'ono, koma n'chifukwa chosapereka imodzi pa nkhani ya tiyi wozizira. Musayesenso kuwongola avereji popereka imodzi chifukwa mukuona kuti ena anakweza kwambiri. Perekani nambala ya zomwe inuyo munaona.

Pomaliza, nambala isayende yokha. Lembani ziganizo ziwiri kapena zitatu zonena mwezi umene munapita, chomwe munapitira, chomwe chinakoma, ndi chenicheni chomwe chachotsa nyenyezi. Mwini malo adziwa chokonza, ndipo mlendo wotsatira adzisankhira yekha ngati vutolo likumukhudza.