Jombo ya m'dzinja ingavulaze mwana m'chilimwe

Musanamugulire mwana jombo zosewerera mpira, zitembenuzeni muone mano ake apansi, omwe osewera amati masitadi.

Jombo ya m'matope kawirikawiri imakhala ndi mano asanu ndi limodzi, aatali, achitsulo. Amalowa m'dothi lofewa kuti wosewera asaterereke. Koma pabwalo louma gwa la mu Okutobala, manowa salowa pansi. Thupi lonse limatsamira pa nsonga zochepazo, phazi n'kumagwedera, ndipo mwana akatembenuka mwadzidzidzi sachedwa kubinya akakolo. Mukamva akudandaula kupweteka kwa chidendene, kapena mukaona matuza pomwe pali mano, ikayikireni jomboyo.

Pouma pamafunika mano aafupi, ambiri, a labala kapena pulasitiki, chifukwa amagawa kulemera paphazi lonse. Vuto lake ndi loti m'dzinja matope amamatirira pakati pawo, jombo n'kuyamba kuterera.

Yesani bwalolo masewero asanayambe. Mwana aponde mwamphamvu: mano akangoima pamwamba osalowa, atalika.

Ngati ndalama zikukwana peyala imodzi yokha, gulani ya mano ozungulira apulasitiki, otalika pang'ono, ndipo kukagwa mvula azichotsa matope ndi kamtengo nthawi yopumulira.