Chiwerengero cha pansi pa kalata ya fizi

Kalata ya fizi imafika ili yopindidwa pakati pa lipoti la mwana, kapena masiku ano imalowa pa foni ya kholo sukulu zili pafupi kutsegulira. Ambirife timaiwerenga mofanana. Maso amathamangira pansi penipeni, pamene alemba ndalama zonse pamodzi ndi tsiku lomaliza kulipira, mtima n'kugunda, kalatayo n'kuiika pansi pa Baibulo. Mizere ya pakatiyo, imene ikunena kuti ndalamazo ndi za chiyani, sitiiyang'ananso. Komatu m'mizere imeneyo ndi mmene muli nkhani yonse, chifukwa chiwerengero cha pansicho chaphatikiza ndalama za mitundu yosiyana, zopita kwa eni ake osiyana, ndipo kuchedwa kwake sikupweteka mofanana.

Ndinaziona bwino izi pamene alamu anga anabwera ndi kalata ya mwana wawo wamkazi, yemwe amalowa Folomu 4 pa sukulu ina yoyima payokha, yogonera komweko. Ziwerengero ndazisalaza kuti zisavute kutsata, koma kalembedwe kake kanali kotere. Fizi ya maphunziro inali K280,000, ndipo chakudya ndi malo ogona K350,000. Thumba la chitukuko linali K30,000. Yunifolomu anailemba K90,000. Kenako panali K45,000 ya mayeso a MSCE, K15,000 ya mayeso oyeserera, ndipo mzere womaliza unati ngongole ya teremu yatha, K60,000. Zonse pamodzi K870,000, zolipira pasanadutse pa 30 Sepitembala. Alamuwo anali ndi K400,000 yokha, imene anasonkhanitsa atagulitsa soya ndi kutengako ku banki m'khonde, ndipo feteleza wa chaka chimenecho anali asanagule n'komwe.

Tinakhala pakhonde ndi pensulo. Choyamba chinali kuwonkhetsa tokha mizere yonse, poti wolemba kalata naye ndi munthu, ndipo makalata otere amalembedwa mazana angapo m'masiku ochepa. Masamu ake anali olondola. Koma titafika pa ngongole ija, alamuwo anagwira pakamwa. “Iyi ndinalipira kale mu Julaye,” anatero. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kapepala ka kubanki kopindikapindika, inki yake itayamba kufufutika. Ndalamayo inalowadi mu akaunti ya sukulu, koma amene anakaisiya ku banki anali amalume ake a mwanayo, ndipo pa kapepalako analemba dzina lawo, osati la wophunzira. Kapepalako sikanaperekedwenso kwa abasala, amene amasunga mabuku a ndalama pa sukulu.

Apa ndi pamene makolo ambiri amalipira kawiri osadziwa. Abasala akalandira ndondomeko ya kubanki amangoona mayina ndi ziwerengero. Akaona K60,000 ya munthu yemwe dzina lake mulibe m'kaundula wa ophunzira, ndalamayo imangokhala yopanda mwini mpaka wina adzabwere ndi umboni. M'buku mwawo mwanayo amakhalabe ndi ngongole, ndipo ngongoleyo imasamukira pa kalata yotsatira. N'chifukwa chake kapepala ka kubanki kapena uthenga wa Airtel Money ndi Mpamba si risiti. Ndi umboni wakuti ndalama yachoka m'manja mwanu, basi. Risiti ndi ija imene sukulu imalemba, yokhala ndi nambala, chidindo, dzina la mwana, kalasi yake ndi chimene mwalipira. Mzere wa ngongole pa kalata ya fizi uyenera kuyerekezedwa ndi marisiti amenewa nthawi zonse, ndipo ngati sizikugwirizana, pemphani kuti akuonetseni tsamba la mwana wanu m'buku lawo.

Titachotsa K60,000 ija, panatsala K810,000.

Yunifolomu sinatitengere nthawi. K90,000 ija inali ya masiketi awiri, mabulauzi awiri ndi juzi, ngati kuti mwanayo akuyamba kumene Folomu 1. Masukulu ambiri amalemba kalata imodzi ya aliyense, ndiye mzere umenewu umangotsatira ngakhale mwana ali nazo kale zovala. Mtsikanayo masiketi ndi juzi anali nazo zabwinobwino, chimene chinali chitang'ambika m'khwapa ndi bulauzi imodzi, ya K12,000. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti: kodi n'zokakamiza kugula pa sukulu pomwepo, kapena mwana akhoza kubwera ndi yake bola mtundu ndi kasokedwe zikhale zofanana? Pali masukulu amene amalola kuti telala wa pamsika asoke, iwo n'kungogulitsa baji. Ena salola. Kwa alamu anga yankho linali lakuti agule chimene chikusowa chokha, ndipo ndalama zonse zinatsika kufika pa K732,000.

Mzere umene ndikufuna tiimepo kwambiri ndi waung'ono uja, wa K45,000. Pa kalata unkaoneka wopepuka poyerekeza ndi chakudya kapena fizi, koma ndi wokhawo umene mphunzitsi wamkulu alibe nawo mphamvu. Ndalama ya mayeso a boma si ya sukulu. Ndi ya bungwe la MANEB, lomwe likulu lake lili ku Zomba, limene limayendetsa mayeso a PSLCE mu Sitandade 8, a JCE mu Folomu 2 ndi a MSCE mu Folomu 4. Sukulu imangothandiza kulembetsa ana. Mayeso a MSCE amalembedwa pakati pa chaka, koma kulembetsa kumachitika miyezi yambiri m'mbuyo mwake, chaka cha maphunziro chitangoyamba, chifukwa bungwelo liyenera kudziwa chiwerengero cha olemba phunziro lililonse kuti lisindikize mapepala, likonze zitupa ndi kupereka manambala. Likatseka kalembera, latseka.

Kusiyana kwake n'kumeneku. Mukachedwa ndi fizi, mumakagwada mu ofesi ya ahedi, amakukalipirani pang'ono, mwina mwana amabwezedwa kunyumba sabata imodzi, koma nkhani imatha ndi kukambirana. Mukachedwa ndi ndalama ya mayeso mpaka kalembera kutsekedwa, ahediwo ngakhale akhale achifundo chotani alibe chochita, ndipo mwana akhoza kutaya chaka chathunthu ataphunzira bwinobwino. Choncho tsiku limodzi lija la pansi pa kalata likubisa masiku awiri. Lina ndi la sukulu, limene inadziikira kuti igule chimanga, nyemba ndi nkhuni ndi kulipira aphunzitsi. Lina ndi la MANEB, limene kawirikawiri pa kalatapo sililembedwa. Lifunseni, ndipo mulilembe pakhoma.

Tsono taonani chimene chikanachitika alamu anga akanangopita ku banki n'kusiya K400,000 yawo osanena kanthu. Mwambo wa osunga mabuku ndi wakuti ndalama ikabwera yosakwana imayamba yatseka ngongole yakale, yotsalayo n'kupita ku fizi ndi chakudya. K60,000 ikanathera pa ngongole imene kunalibe, K340,000 n'kulowa ku fizi, ndipo pa mzere wa mayeso pakanakhalabe popanda kanthu. Palibe amene akanaba ngakhale tambala. Mayiyo akanabwerera kunyumba mtima uli m'malo poganiza kuti walipira pafupifupi theka, osadziwa kuti dzina la mwana wake silinapite ku Zomba.

Kale makolo ankapereka ndalama ya mayeso pamanja kwa aphunzitsi, ndipo nkhani za ana amene anazindikira mochedwa kuti sanalembetsedwe zinkamveka kawirikawiri. Pofuna kuthana ndi zimenezi, MANEB inayambitsa kulembetsa kwa pa kompyuta, kumene wophunzira amapatsidwa nambala yake yolipirira ndipo ndalama imapita ku bungwelo kudzera ku banki kapena pa foni. Ndiye ngati sukulu yaphatikiza ndalama ya mayeso m'chiwerengero chake, funsani mosaopa: kodi iyi tikulipira kwa inu kapena mutipatsa nambala kuti tilipire tokha? Njira iliyonse imene anene, musakhutire ndi mawu akuti zatheka. Mwana aone ndi maso ake dzina lake pa mndandanda wa olembetsedwa, aone ngati lalembedwa molondola, tsiku lobadwa, chithunzi, ndi maphunziro amene adzalembe. Kuwerenga maphunzirowo n'kofunika chifukwa ndalama ya MSCE imatengeranso kuchuluka kwa maphunziro, ndipo kuti munthu apeze satifiketi ayenera kukhoza maphunziro osachepera asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Phunziro limene lasiyidwa pa mndandanda n'losavuta kulibwezeretsa mu Novembala, koma osati m'mawa wa tsiku la mayeso.

Mayeso oyeserera aja ndi nkhani ina, ngakhale amalembedwa moyandikana pa kalata ndipo makolo ena amawasokoneza. Amenewo amakonzedwa ndi sukulu kapena gulu la masukulu oyandikana, ndipo ndalama yake ndi ya mapepala ndi kusindikiza. Ndi othandiza, koma kulipira iwo si kulembetsa MSCE.

Za thumba la chitukuko ndinene mwachidule. Ndalama imeneyi imayenera kukhala ndi ntchito yodziwika, monga kumanga zimbudzi kapena kukonza mjigo, ndipo makolo amayenera kuti anaimva pa msonkhano wawo ndi aphunzitsi. Ngati ikubwera teremu iliyonse koma palibe njerwa imene yaumbidwa, pokafunsira pake ndi pa msonkhano womwewo.

Ine ndimaona kuti masukulu nawo ali ndi gawo lawo. Kulemba chiwerengero chimodzi ndi tsiku limodzi kumafewetsa ntchito ya abasala, ndipo ndikumvetsa kuti sukulu yogonera singadyetse ana ndi malonjezo. Koma kalata yolembedwa moganizira makolo ikanaika ndalama ya mayeso payokha ndi tsiku lake lenileni, ikananena kuti yunifolomu ndi ya okhawo amene akuifuna, ikanatchula nambala ya risiti yomaliza pambali pa ngongole, ndi kufotokoza poyera chimene chimachitika tsiku likadutsa. Mawu akuti “sukulu idzachitapo kanthu” amaopseza koma sauza kholo ngati mwana adzabwezedwa pa geti kapena ayi. Kalata yopanda chidindo ndi siginecha ya ahedi, kapena yotchula nambala ya foni ya munthu m'malo mwa akaunti ya dzina la sukulu, imeneyo ndiye musalipire musanaimbe ku ofesi pa nambala imene mukuidziwa kale.

Alamu anga anapita ku sukuluko kutatsala milungu iwiri kuti tsiku lija likwane, poti wopempha tsiku lisanafike amamveka kusiyana ndi wopepesa litadutsa. Anaonetsa kapepala ka mu Julaye kaja, abasala n'kufufuza, ndalamayo n'kuipeza, ngongole n'kufufutidwa. Pa K400,000 ija ananena momveka kuti K45,000 ndi ya MSCE, K12,000 ya bulauzi, ndipo K343,000 ipite ku fizi ndi chakudya, ndipo anapempha kuti risiti ilembe choncho. K332,000 yotsalayo anagwirizana ndi ahedi kuti adzapereka kawiri, K166,000 kumapeto kwa Okutobala ndi ina yofanana kumapeto kwa Novembala. Ahediwo analemba zimenezo kuseri kwa kalata ija n'kusainira. Patapita masabata angapo mtsikanayo anaimba foni kudzera kwa matironi kuti dzina lake laoneka pa mndandanda, ndipo maphunziro ake onse asanu ndi atatu alipo.